Kutchena Pabanja pa Khirisimasi: Chitenje Chimodzi, Anthu Asanu ndi Mmodzi

(NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Mwezi wa Novembala uno tautenga kale, ndipo mukadutsa m'makonde a masitolo mumva makina a matelala akulira mpaka mdima. Lero tikambirana za kavalidwe ka banja pa tsiku la chisangalalo. Tikufuna kuti banja likamalowa m'tchalitchi pa Khirisimasi, kapena likaima kuti lijambulitse, aliyense aone kuti awa ndi a nyumba imodzi, koma popanda onse kuvala chovala chofanana.

Njira imene tonse tinaizolowera ndi ya yunifolomu. Mumagula chitenje cha maluwa amodzi, telala n'kudula diresi ya mayi, shati ya bambo ndi za ana onse pansalu yomweyo. Pa chinkhoswe kapena pa ukwati njira imeneyi ili ndi ntchito yake, chifukwa anthu amafuna kuona msanga kuti akuchimuna ndi ati, akuchikazi ndi ati. Koma pabanja la anthu asanu ndi mmodzi, pa tsiku limodzi lokha, yunifolomu imadya nsalu yambiri. Diresi ya munthu wamkulu imafuna mamita atatu kapena anayi, shati ya bambo mamita awiri, ana simunawawerengere. Ndiye Khirisimasi ikapita, shati ija bambo saivalanso, mtsikana wanu wa kusekondale anavala diresi yake akunyinyirika, ndipo pachithunzi nonse mukuoneka ngati makatani ndi mipando ya nyumba imodzi.

Njira ina ndi iyi: chitenje chikhale chimodzi chokha, chigawidwe pang'onopang'ono, ndipo chimene chikumanga banja pamodzi ukhale mtundu. Wina avala siketi, wina kabudula, wina diresi yopanda maluwa, koma mitundu yonse yachokera m'chitenje chija.

Choyamba kugula ndi chitenjecho. Musayambe ndi kukhala pansi n'kugwirizana kuti chaka chino tivala zabuluu, kenako n'kumazungulira msika kufunafuna chitenje chogwirizana ndi buluu wa m'mutu mwanu. Mudzatopa pachabe. Amene anajambula maluwa a chitenje anagwira kale ntchito yovuta yoyanjanitsa mitundu, ndiye inu ingotolani pamenepo. Sankhani chitenje cha mitundu iwiri kapena itatu yooneka bwino. Cha mitundu yambirimbiri chimakongola chili chokha, koma mukafuna kutolamo mtundu wotsogolera mumasowa pogwira.

Tiyeni titenge banja limodzi tiyende nalo mpaka kumapeto. Muli bambo, mayi, mtsikana wa zaka 14, mnyamata wa zaka 9, kamtsikana ka zaka ziwiri, ndi agogo aakazi amene abwera kudzadya Khirisimasi ndi zidzukulu. Mayi apita kumsika, kaya ku Limbe, kaya msika waukulu wa ku Lilongwe, kaya ku Taifa ku Mzuzu, ndipo apeza chitenje cha buluu wodera, uja timati nevi, cha maluwa achikasu chakupsa ndi timizere toyera. Agula chachitali chija cha mayadi 6, chimene m'mamita chimakwana asanu ndi theka. M'lifupi mwake, zitenje zambiri zimakhala masentimita pafupifupi 115. Mitundu yathu yapezeka: nevi ndiye wamkulu, chikasu ndi womuthandiza, zoyera ndi zopumulirapo maso.

Nevi ndamusankha dala. Thalauzi kapena siketi ya nevi simuisowa pa kaunjika, mwinanso ili kale m'sutikesi. Khirisimasi kwathu kuno imagwa m'dzinja, matope ali ponseponse, ndipo nevi amabisa zothimbirira za m'njira kuposa kirimu kapena pinki. Chikasu chakupsa n'chovuta. Chikasu cha ndimu ndi chikasu chopita ku golide, mukaziika pafupi zimakangana, ndipo pa kaunjika simungapeze zovala ziwiri za chikasu chofanana. Choncho lamulo la banja lathuli likhale lakuti zanevi ndi zoyera zichokere kulikonse, koma zonse zachikasu zidulidwe pampukutu umodzi wa nsalu, tsiku limodzi, musitolo imodzi. Mukagula mamita awiri lero, ena sabata yamawa, mwina mpukutu uja watha, ndipo watsopanowo ngakhale wogulitsa alumbire kuti ndi womwewo, utoto wake umatha kusiyana pang'ono.

(NYIMBO PANG'ONO)

Tsopano tigawe nsalu ija. Agogo tiwadulire mamita awiri athunthu, osasoka china chilichonse koma kupinda m'mbali mmene mwadutsa lumo. Ndi ulemu wawo, ndipo chitenje chimenecho adzachimanga chaka chonse. Pamwamba avala bulauzi yoyera imene ali nayo kale, osati ya kumpingo ija, imene ili ndi masiku ake, ndipo kumutu duku lachikasu.

Mayi atenge mita imodzi ndi theka ya bulauzi, avale ndi siketi ya nevi yopanda maluwa. Mwaona kale apa: agogo maluwa ali m'munsi, mayi maluwa ali m'mwamba. Akaima limodzi akugwirizana, koma palibe amene watengera mnzake. Kabudula wa mnyamata afuna masentimita 60, ndipo avala ndi shati yoyera. Kadiresi ka mwana wamng'ono kafunanso masentimita 60. Mukaphatikiza zonsezi, pa mamita asanu ndi theka aja patsala masentimita 80. Koma nsalu ya thonje ikachapidwa koyamba imabwerera, mwina ndi chikhatho chimodzi kapena ziwiri pautali wonsewo, ndiye tinene kuti chotsala chenicheni ndi theka la mita ndi kakuti.

Theka la mita limeneli musalipeputse, chifukwa ndi limene likuveka anthu awiri ovuta kwambiri m'nyumbamo. Bambo ambiri safuna shati ya maluwa thupi lonse. Atenge shati yawo yoyera, telala aike chitenje pakolala, pamlomo pa thumba, ndi mzere wopyapyala potsikira mabatani, basi. Thalauzi ndi ya nevi yomwe amapita nayo kuntchito. Mtsikana wa zaka 14 uja mumusiye asankhe yekha kasokedwe ka diresi yake. Nsalu ikhale yachikasu ija yopanda maluwa, mamita awiri ndi theka, ndipo chitenje chingooneka pa lamba wa m'chiuno. Lambayo telala amudula mopingasa, kutsata m'lifupi mwa nsalu, ndipo masentimita 115 akwana bwino. Mukaonjezapo mita imodzi ya duku la agogo, nsalu yachikasu yogula ndi mamita atatu ndi theka. Zogula zonse ndi zimenezo: chitenje chimodzi, nsalu yachikasu, ndi siketi ya mayi ngati alibe.

Chenjezo limodzi pa kagawidwe kameneka. Miyeso ndatchulayi ikugwira ngati maluwa a chitenje ndi aang'ono kapena apakatikati. Chitenje cha duwa limodzi lalikulu ngati mbale chimataya nsalu, chifukwa telala wodziwa ntchito amafuna duwalo likhale pakati pa bulauzi, osati theka kumanja theka m'khwapa. Pa kabudula wa mwana duwa lotero silionekanso n'komwe, mumangoona chigamba cha mtundu umodzi. Onaninso ngati maluwawo ali ndi kumutu ndi kumiyendo. Ngati pali mbalame kapena miphika, telala sangatembenuze nsalu kuti asunge malo, apo ayi mbalame za kumsana ziuluka chadodolido. Chitenje choterocho chikakukopani mtima, onjezani china cha mamita awiri nthawi yomweyo. Zitenje zambiri zili ndi dzina ndi nambala m'mphepete, ndiye yerekezani kuti zonse ziwiri zikufanana.

(NYIMBO)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukambirana za kuveka banja lonse zovala zosiyana koma za mitundu yogwirizana. Tafika pamene ambiri zimawasokonekera, pofananitsa mtundu.

Mawu okha sakwanira. Mukaimba foni kwa mlamu wanu n'kunena kuti tonse tivala zabuluu, pa tsikulo padzabwera buluu wa mtambo, buluu wa yunifolomu ya sukulu, ndi wina wopita kobiriwira, aliyense akunenetsa kuti wamvera. Chithunzi cha pafoni nachonso chimanama. Kamera imasintha mtundu malinga ndi kuwala kwa malo amene mwajambulira, ndipo foni ya wolandirayo ionetsanso mwa njira yake. Chodalirika ndi kachidutswa ka nsalu yeniyeniyo. Dulani tizidutswa totalika ngati chala, tokhala ndi mitundu yonse itatu, kamodzi kakhale m'chikwama chanu, kena mupatse telala, kena mutumize kwa wachibale aliyense amene adzakhale nanu. Ngati pali achimwene amene akubwera kuchokera ku Joni ndipo kachidutswa sikawafika, apatseni mtundu wosaphonyeka. Auzeni abwere ndi shati yoyera, ndipo kansalu ka m'thumba la pachifuwa adzakapeza kuno.

Mukafika pa kaunjika kapena musitolo, musaweruze mtundu muli pansi pa babu kapena pansi pa lona wa buluu amene ogulitsa amatchinga naye dzuwa. Pansi pa lona wotere chilichonse chimaoneka chabuluu. M'sitolo ya mdima, nevi ndi wakuda simungawasiyanitse, ndipo anthu ambiri afika kunyumba ndi siketi yakuda bii akuyesa kuti agula nevi. Pemphani wogulitsa mutuluke nacho chovalacho panja, muime pamthunzi pamene kuwala kwa masana kukufika bwino, muike kachidutswa kanu pamwamba pake. Pali nsalu zina zimene pansi pa getsi zimafanana ndithu, koma padzuwa zimasiyana, chifukwa utoto wake ndi wosiyana. Popeza kutchalitchi mupita masana ndipo zithunzi mujambulitsa panja, woweruza akhale dzuwa.

Nanga mukuyang'ana chiyani? Apa mvetserani bwino. Simukufuna kuti zonse zifanane ndendende. Buluu wodera ndi buluu wowalirapo amakhalirana bwino, bola akhale opendekera mbali imodzi. Buluu wina amapendekera kobiriwira, wina amapendekera ku pepo. Awiri amenewa mukawaika pamodzi, wina amaoneka ngati wakuda ndi litsiro. Chimene chimapweteka maso kwambiri ndi mitundu iwiri imene yangotsala pang'ono kufanana koma sinafanane, makamaka ikakhala pathupi la munthu mmodzi. Jekete ya nevi ndi thalauzi ya nevi wina, aliyense amaona kuti suti iyi ndi yolumikiza. Koma thalauzi ya bambo ikasiyana pang'ono ndi siketi ya mayi, palibe amene azindikire, chifukwa pakati pawo pali shati yoyera ndi bulauzi ya maluwa. Ndiye mukapeza kuti zinthu ziwiri zasemphana pang'ono, musataye ndalama kugula zina. Zipatseni anthu awiri osiyana.

Mtundu wa nsalu nawo umasintha maonekedwe. Satini imanyezimira, ndiye chikasu chake chimawala pena n'kudera pena, pamene chitenje cha thonje sichinyezimira. Kwa banja lathuli ndikanasankha popilini kapena nsalu ina ya thonje yosanyezimira, chifukwa imagona bwino pambali pa chitenje, komanso kutentha kwa Disembala m'tchalitchi chodzaza anthu, mwana wovala poliyesita amavutika ndi thukuta. Masiku ano zitenje zinanso ndi za poliyesita ngakhale zikuoneka ngati thonje. Kuti mudziwe, sololani timaulusi pang'ono m'mphepete, mutitenthe ndi machesi panja, ana ali kutali. Thonje limayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesita amasungunuka n'kusiya kampira kolimba, ndipo fungo lake ndi la pulasitiki.

(NYIMBO PANG'ONO)

Tsopano nkhani ya utoto, ndipo amayi amene mwakonda ganizo la shati yoyera ya bambo ija, apa ndi panu. Mukasokerera chitenje cha nevi chosachapa pa shati yoyera, tsiku loyamba kuichapa, kapena mvula ikangowapeza bambo panjira, utoto utsikira pachifuwa ndipo shatiyo yatha ntchito. Chinanso, shati ija inachapidwa kale kambirimbiri ndipo inasiya kubwerera, pamene chitenje chatsopano chibwerera. Zotsatira zake kolala imakwinyika, ndipo ngakhale musite chotani siwongoka.

Choncho chitenje chichapidwe chisanapite kwa telala. Chichapeni pachokha m'madzi ozizira, ndi sopo pang'ono, ndipo mutsukuluze mpaka madzi azituluka oyera. Yanikani pamthunzi, chifukwa dzuwa la Novembala limasulutsa nsalu msanga. Chikauma chiyeseni motere: nyowetsani kansalu koyera, mukaike pa malo odera kwambiri a chitenjecho, mupsinje ndi simbi yotentha kwa kanthawi. Kansaluko kakatuluka koyera, pitani kwa telala mtima uli m'malo. Kakatenga mtundu, chapaninso. Kakapitiriza kutenga mtundu mutachapa kawiri kapena katatu, chitenje chimenecho chisayandikire chovala choyera. Bambo angovala shati ya nevi, ndipo kolala ya chitenje ikhale pamenepo.

Ambiri tinakula tikumva kuti ukanyika nsalu m'madzi a mchere utoto umagwira. Mchere ulibe vuto pansalu, koma musaudalire. Umathandiza pa nthawi imene nsalu ikunyikidwa mu utoto, pamene pa chitenje chimene chatuluka kale kufakitale, chimene chimachotsa utoto wotsalira ndi kutsukuluza basi.

Pali mitundu ina imene imabwera ndi nkhani zake, ndipo ndi bwino kuiganizira musanalipire. Kwathu kuno chikasu chowala anthu amachidziwa ndi UDF, buluu ndi DPP, olenji ndi PP, kufiira ndi UTM, ndipo kufiira, kubiriwira ndi kuda pamodzi ndi MCP komanso mbendera ya dziko. Banja lonse likatulukira mu mtundu umodzi wowala wopanda wina wousakaniza, anthu panjira akhoza kuyesa kuti mukupita kumsonkhano. N'chifukwa chake mitundu iwiri yophatikiza, yodera pang'ono, imathandiza. Za mpira nazo musaziiwale. Bambo amene mtima wawo uli ku Bullets mukawauza kuti avale buluu wa Manoma kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhani ya zovala ithera pomwepo. Zofiira m'nyengo ya mvula, akuluakulu ena amakana, amati zimaitana mphenzi. Mphenzi siona mtundu wa malaya, koma ngati agogo sakufuna, Khirisimasi si tsiku lotsutsana nawo. Sankhani mtundu wina. Zakuda zokhazokha banja lonse, aneba abwera kudzafunsa kuti kwagwanji.

Njira yomweyi imagwiranso pa Idi, pa ubatizo wa mwana, kapena pa Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala. Pa Idi, bambo ndi anyamata akavala mikanjo yoyera, mtundu wa banja uonekere pa mizuli yawo ndi pa mipango ya amayi. Koma ngati mwaitanidwa ku ukwati wa eni ake, yambani mwafunsa mitundu imene operekeza akwati avale, kuti banja lanu lisakaoneke ngati likulimbirana nawo malo kutsogolo.

(NYIMBO PANG'ONO)

Titsirize ndi kwa telala. Pitani ndi zonse nthawi imodzi, ngakhale zimene sakasoka, monga siketi ya mayi ndi thalauzi ya bambo, kuti aone chithunzi chonse. Muuzeni adule zikuluzikulu poyamba, mamita awiri a agogo ndi bulauzi ya mayi, ndipo kolala ndi lamba zichokere pa zotsala. Alembe m'buku lake chovala cha aliyense ndi muyeso wake, inu mukuona. Ulusi ndi zipi musangomusiyira kuti aike zimene zili pafupi. Zipi yoyera pa diresi yachikasu imaonekera patali. Ulusi ukasowa wofanana ndendende, atenge woderapo pang'ono, chifukwa umabisala mumsoko kuposa wowala. Pa zovala za ana apinde mpendero wa masentimita 5, kuti mwana akatalika mudzangomasula. Ndipo zidutswa zonse zotsala abweze, chifukwa ndi zimene mudzapangire kansalu ka m'thumba la achimwene aja ndi kariboni ka kumutu kwa mwana.

Zovala zikatuluka, sabata imodzi tsiku lisanafike, yalani mkeka pakhonde masana, muike chovala cha aliyense mmene adzaimire pachithunzi, nsapato zomwe. Bwererani m'mbuyo mapazi angapo muyang'ane. Ngati maluwa aunjikana mbali imodzi, sinthani malo oimira. Ngati pali chimodzi chimene chikukuwa kuposa zinzake, kawirikawiri zimakhala nsapato zapinki za mwana kapena tayi yofiira ya bambo, chichotseni. Nsapato zakuda kapena zabulawuni zimene muli nazo kale zikwanira. Aliyense ayesenso chovala chake tsiku lomwelo, nthawi yokabweza kwa telala ikadalipo.

Omvera, mu Disembala telala aliyense amakhala ndi mulu wa nsalu, magetsi nawo amatha kuzima, ndipo wobwera mochedwa amasokeredwa mothamanga. Ngati chitenje mwagula kale, chichapeni mawa m'mawa, ndipo sabata ino isathe musanakaonane ndi telala wanu.

(NYIMBO YOTSEKERA)